Makoloni Oyera ndi Abuluu: Kulowetsa Jini mu Pulasimidi ndi Kudziwa Kuti Yalowadi

Mu labotale yofufuza za majini, m'mawa wotsatira tsiku lothira mabakiteriya pa mbale uli ndi mwambo wake. Wophunzira amalawirira, amatsegula bokosi lofunditsira lomwe lakhala pa madigiri 37 usiku wonse, n'kukweza mbale yake molunjika kuwala. Akaona timadontho tamera pamwamba pa chakudya cha mabakiteriya, mtima umakhala m'malo. Koma akapita nayo kwa mkulu wake, kawirikawiri amalandiridwa ndi funso: “Mwagwira ntchito, koma nanga mbale ija simunaikemo jini, yamera angati?”

Funso limeneli ndi loyenera, ndipo ntchito yonse yatsamira pa ilo. Kadontho kalikonse pa mbale, kamene timakatcha koloni, ndi mulu wa mabakiteriya ochokera kwa kholo limodzi. Kumera kwake kumangotiuza chinthu chimodzi chokha, chakuti kholo lija linalandira pulasimidi, choncho mankhwala amene ali m'mbalemo sanaliphe. Zoti pulasimidiyo yanyamula jini imene tikufuna, kadonthoko sikanena. Kudula DNA ndi kuilumikiza munthu amaphunzira sabata imodzi. Chimene chimatenga nthawi ndi kuphunzira kusiyanitsa koloni yoona ndi yonama, ndiponso kudziwa pamene zinthu zinalakwikira zikakanika.

Zida zobwereka kwa mabakiteriya

Maenzaimu odulira DNA sanapangidwe ndi munthu. Ndi chitetezo cha mabakiteriya ku mavairasi amene amawagwira. Vairasi ikabaya DNA yake mu selo ya bakiteriya, enzaimu imaisakasaka n'kuidula paliponse pamene yapeza mndandanda winawake wa zilembo. DNA ya mwini wake siidulidwa chifukwa bakiteriyayo amaika kachizindikiro ka metilo pa malo omwewo. Werner Arber wa ku Switzerland ndiye anaunikira za chitetezo chimenechi, Hamilton Smith anapeza mu 1970 enzaimu yodula pa malo odziwika bwino, ndipo Daniel Nathans anaigwiritsa ntchito pogawa DNA ya vairasi m'zidutswa. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 1978.

Chimene chinatsegula njira ya ntchito yathuyi chinadziwika mu 1972 ku Stanford, pamene Janet Mertz ndi Ronald Davis anaonetsa kuti enzaimu yotchedwa EcoRI siidula zingwe ziwiri za DNA molingana. DNA ili ndi zingwe ziwiri zogwirana, ndipo zilembo zake zinayi zimagwirana ziwiriziwiri, A ndi T, G ndi C. EcoRI imafunafuna mndandanda wa GAATTC. Chingwe chinzake, mukachiwerenga kuchokera mbali ina, chimanenanso GAATTC yemweyo. Enzaimu imadula pakati pa G ndi A pa chingwe chilichonse, ndiye zotsatira zake zimaoneka chonchi:

```
5'-G          AATTC-3'
3'-CTTAA          G-5'
```

Mbali iliyonse yatsala ndi kansonga ka zilembo zinayi kopanda mnzake. Nsonga zimenezi timazitcha zomata, chifukwa zimagwirana ndi nsonga ina iliyonse yodulidwa ndi EcoRI, kaya DNA yake ndi ya chule, ya chimanga kapena ya munthu. Zili monga mmisiri wa matabwa amasemera lilime pa thabwa limodzi ndi kuboola mphako pa linzake: mtengo ukhoza kusiyana, koma ngati muyezo uli umodzi, ziwirizo zilowana. Mu 1973 Stanley Cohen, Annie Chang, Herbert Boyer ndi Robert Helling anadula mapulasimidi ndi EcoRI, analumikiza zidutswa zake, ndipo pulasimidi yatsopanoyo inachulukana mwa mabakiteriya a E. coli. Insulini yopangidwa ndi mabakiteriya, imene inavomerezedwa mu 1982, inachokera m'njira yomweyi, ndipo insulini imene odwala shuga ambiri amabaya lero imapangidwa ndi mabakiteriya kapena yisiti zolowetsedwa jini.

Jini imodzi, pulasimidi imodzi

Tiyeni titsate ntchito imodzi kuyambira pachiyambi. Jini yathu ikhale EGFP, ya zilembo 720, yokonzedwa kuchokera ku jini ya puloteni yowala mobiriwira ya kanyama ka m'nyanja kotchedwa Aequorea victoria. Pulasimidi yathu ikhale pUC19, kamkombero ka DNA ka zilembo 2,686 kamene kanafalitsidwa mu 1985 kuchokera mu labotale ya Joachim Messing. Tikamati zilembo, tikuwerenga chingwe chimodzi, popeza chinzake chimangotsatira.

Mu pUC19 muli zinthu zitatu zimene tikuzifuna. Muli malo oyambira kudzikopera, amene amachititsa kuti selo imodzi ikhale ndi makope mazanamazana. Muli jini yoteteza bakiteriya ku mankhwala a ampisilini. Ndipo muli kachidutswa ka jini yotchedwa lacZ, komwe m'kati mwake anaikamo malo odulira maenzaimu angapo, motsatizana, EcoRI kumapeto kumodzi, HindIII kumapeto kwina.

Munthu akhoza kudula ndi enzaimu imodzi yokha, koma ndimaona kuti kutero ndi kudziitanira mavuto pamene pali mwayi wosankha. Pulasimidi yodulidwa ndi EcoRI yekha ili ndi nsonga ziwiri zogwirizana, ndipo popeza nsongazo zili pa chingwe chimodzi, zimapezana msanga kuposa mmene zingapezere jini yoyandama m'madzimo. Pulasimidi imangodzitseka yopanda kanthu. Jini ikalowanso, imatha kulowa chafutambuyo. Pali enzaimu ya fosifatezi imene imachotsa fosifeti pa nsonga za pulasimidi kuti isadzitseke, ndipo imathandiza ndithu, koma njira yabwino ndi kudula ndi maenzaimu awiri. HindIII imazindikira AAGCTT n'kusiya nsonga ya AGCT, imene singagwirane ndi AATT ya EcoRI. Pulasimidi yodulidwa ndi onse awiri singadzitseke yokha, ndipo jini imalowa moyang'ana mbali imodzi basi.

Musanagule kalikonse, werengani jini yanu yonse pa kompyuta ndi kutsimikiza kuti mulibe GAATTC kapena AAGCTT m'kati mwake. Mndandanda wa zilembo zisanu ndi chimodzi umapezeka mwangozi pafupifupi kamodzi pa zilembo 4,096 zilizonse, choncho jini yaitali imakhala pa chiopsezo. EGFP ilibe malo awiriwa, ndiye tili pabwino. Malo odulirawo timawaika tokha kumapeto kwa jini pogwiritsa ntchito PCR, njira yokopera DNA, powalemba mu mapuraima athu:

```
5'-TAAGCA GAATTC ATGGTGAGCAAGGGCGAGGAG-3'
5'-TGCTTA AAGCTT TTACTTGTACAGCTCGTCCAT-3'
```

Zilembo zisanu ndi chimodzi zoyambirira mu puraima iliyonse zikuoneka ngati zopanda ntchito, ndipo ongoyamba kumene amafuna kuzichotsa. Musazichotse. Enzaimu imafuna poponda mbali zonse za malo ake, ndipo malowo akakhala pansonga penipeni pa DNA, maenzaimu ambiri amadula movutikira kapena sadula n'komwe. Choipa n'chakuti zimenezi simungazione pa jelo, pakuti jini yodulidwa ndi yosadulidwa zimangosiyana zilembo zowerengeka.

Kudula, ndi msampha wa zilembo 51

Kudulako n'kosavuta. M'kachubu mumaika maikulogalamu imodzi ya DNA, maikulolita 5 a madzi amchere amene amabwera limodzi ndi enzaimu, maikulolita imodzi ya enzaimu iliyonse, ndi madzi oyera mpaka zonse zikwane maikulolita 50. Enzaimu imalowa pomalizira, kuchokera pa ayezi. Kachubu kamakhala pa madigiri 37 kwa ola limodzi. Onetsetsani kuti madzi amcherewo ndi oyenera maenzaimu onse awiri. Ngati sali otero, dulani ndi imodzi, tsukani DNA, kenako dulani ndi inayo.

Pali chiyeso chothira enzaimu yambiri kuti ntchito itsimikizike. Maenzaimu amasungidwa m'madzi amene theka lake ndi gilisero kuti asaundane mufiriji, ndipo gilisero akapitirira magawo 5 pa 100 m'kachubu, EcoRI imayamba kudula mosasankha, pa malo ongofanana pang'ono ndi GAATTC. N'chifukwa chake maenzaimu onse pamodzi asapitirire gawo limodzi la magawo khumi a zonse zimene zili m'kachubumo. Mukaona timizere tambiri tosayembekezereka pa jelo, ganizirani zimenezi.

Tsopano tafika pa malo amene ntchito zambiri zimafera mwakachetechete. Mu pUC19, pakati pa podulira EcoRI ndi podulira HindIII pali zilembo 51 zokha. Maenzaimu onse akadula, pamatsala chingwe cha zilembo 2,635. Imodzi yokha ikadula, chingwe chimakhala cha zilembo 2,686. Pa jelo ya agarozi wa gawo limodzi pa 100, imene imalekanitsa DNA potengera kutalika kwake, mizere iwiriyi imaima pamalo amodzi, ndipo kachidutswa ka zilembo 51 kamakhala kochepa kwambiri moti sikaoneka. Mukhoza kuona mzere umodzi wokongola, n'kukhulupirira kuti zonse zatheka, pamene HindIII yanu inafa kalekale. Kumene magetsi amathimathima, firiji ya madigiri 20 pansi pa ziro imasungunuka ndi kuundananso mobwerezabwereza, ndipo enzaimu yofooka si chinthu chachilendo.

Mankhwala ake ndi timachubu tina tiwiri tating'ono. M'kamodzi dulani pulasimidi pang'ono ndi EcoRI yekha, m'kena ndi HindIII yekha, ndipo pa jelo muike zinayi moyandikana: yosadulidwa, ya EcoRI, ya HindIII, ndi ya onse awiri. Pulasimidi yosadulidwa imakhala yopotana molimba, choncho imathamanga kuposa yoongoka ya kutalika komweko, ndipo nthawi zambiri pamwamba pake pamaoneka mzere wina wofooka. Enzaimu imene ikugwira ntchito imasandutsa zonsezi kukhala mzere umodzi pafupi ndi muyezo wa 2,700. Ngati mu kanjira ka HindIII mukuonekabe mzere wothamanga uja, imani pomwepo. Kupitiriza ndi kutaya masiku atatu.

Mukakhutira, dulani mzere wa pulasimidi ndi wa jini pa jelo ndi kampeni koyera, musungunule jeloyo, n'kutsuka DNA. Kutsukaku kumachotsa maenzaimu, kachidutswa ka zilembo 51 kamene kakanabwerera pamalo pake, ndi pulasimidi yosadulidwa yochuluka. Kumachotsanso tizidutswa timene mapuraima amapanga akagwirana okhaokha, tomwe tili ndi nsonga zomata mbali zonse ndipo timalowa mu pulasimidi mosavuta kuposa jini yeniyeni. Chenjezo limodzi: kuwala kwa UV kumene timaonera DNA kumaiwononganso. Ikani chizindikiro pa mzere mwachangu, muzimitse nyale, kenako mudule. Pamene pali nyale yabuluu, gwiritsani imeneyo.

Kulumikiza

Nsonga zomata zimagwirana mofooka, zilembo zinayi zokha, n'kumasukanso. Chimene chimazimanga kotheratu ndi enzaimu ya ligezi, yochokera ku vairasi ya mabakiteriya yotchedwa T4. Ligezi imalumikiza msana wa DNA pamene panaduka, ndipo mphamvu yochitira zimenezi imaitenga ku ATP imene ili m'madzi ake.

Pano chofunika ndi chiwerengero cha zidutswa, osati kulemera kwake. Mwachizolowezi timafuna zidutswa zitatu za jini pa pulasimidi imodzi iliyonse. Jini yathu itadulidwa ili ndi zilembo pafupifupi 726, pulasimidi 2,635, ndiye chidutswa chimodzi cha jini chimalemera pang'ono kupitirira gawo limodzi la magawo anayi a pulasimidi. Tikatenga mananogalamu 50 a pulasimidi, masamu ake ndi awa:

```
50 ng x (726 / 2635) x 3 = 41 ng
```

Choncho mananogalamu 50 a pulasimidi, 41 a jini, maikulolita 2 a madzi a ligezi, maikulolita imodzi ya ligezi, ndi madzi oyera kufika maikulolita 20. Nsonga zomata zimalumikizika mkati mwa ola limodzi pa kutentha kwa m'chipinda, koma ambiri amakondabe madigiri 16 usiku wonse. Chifukwa chake n'chakuti kuzizira kumathandiza nsonga kugwirana nthawi yotalikirapo, pamene ligezi imakonda kofundirapo, ndiye 16 ndi pokumanirana. M'miyezi yotentha, chipinda chikamafika madigiri 30 ndi kupitirira, njira yozizirayi ndi yodalirika.

Madzi a ligezi ndi amene amanyalanyazidwa kwambiri. ATP imawonongeka ikamasungunulidwa ndi kuundanitsidwa kawirikawiri, choncho agaweni m'timachubu tating'ono tsiku limene afika. Akasungunuka n'kuoneka timibulu toyera pansi, agwedezeni mpaka tisungunuke tonse musanatunge.

Pamodzi ndi kachubu kenikeni, konzani tina tiwiri. Kachiwiri kakhale ndi pulasimidi ndi ligezi koma kopanda jini. Kachitatu kakhale ndi pulasimidi yokha, kopanda jini, kopanda ligezi. Timachubu tiwiriti n'totsika mtengo, ndipo ndi timene tidzayankhe funso la mawa.

Kulowetsa DNA mwa mabakiteriya kuli ndi ndondomeko yodziwika. Maselo a E. coli a mtundu wa DH5α, okonzedwa kale ndi mchere wa kashiamu, amasungunulidwa pa ayezi. Pa maikulolita 50 a maselo mumathira maikulolita 2 a zolumikiza zija, mumadikira mphindi 30 pa ayezi, mumaviika kachubu m'madzi a madigiri 42 kwa masekondi 30 mpaka 45, n'kukabwezera pa ayezi mphindi ziwiri. Kenako mumathira msuzi wa SOC wopanda mankhwala ndi kugwedeza ola limodzi pa madigiri 37, kuti maselo apezenso mphamvu ndi kuyamba kupanga chitetezo chawo. Pomaliza mumawaza pa mbale za LB zokhala ndi ampisilini wa maikulogalamu 100 pa mililita, X-gal ndi IPTG. Onjezerani mbale zina ziwiri, ina ya maselo olandira pUC19 yosadulidwa pang'ono chabe, ina ya maselo opanda DNA iliyonse.

Kuwerenga mbale zisanu

Kuti timvetse chifukwa chake mbale zoyerekezerazi zili zofunika, tiwerengere mphamvu ya pulasimidi yosadulidwa. Maselo abwino amabala makoloni okwana 100 miliyoni pa maikulogalamu imodzi ya pUC19. Tinene kuti pa mapulasimidi 1,000 alionse, imodzi yokha inapulumuka osadulidwa. Pa mananogalamu 50 aja, yopulumukayo ndi mapikogalamu 50, ndipo popeza tinatunga gawo limodzi la magawo khumi, maselo analandira mapikogalamu 5. Kanthu kochepa chonchi, komwe palibe jelo ingakaonetse, kakhoza kubala makoloni 500. Pamene kulumikiza kwenikweni, komwe kumafuna kuti zidutswa ziwiri zipezane ndi kumangika mbali zonse, kumatheka pa mapulasimidi ochepa chabe. Mpikisano wake si wolingana, ndipo n'chifukwa chake mbale yodzaza siyenera kukondweretsa munthu msanga.

Apa m'pamene mtundu wa koloni umathandiza. Maselo a DH5α ali ndi enzaimu ya lacZ yosakwanira, ndipo kachidutswa kosowako kali mu pUC19. Pulasimidi ikalowa ili yathunthu, enzaimu imakwanira, imaswa X-gal, ndipo koloni imasanduka yabuluu. Jini yathu ikalowa pakati pa kachidutswako, imakasokoneza, ndipo koloni imakhala yoyera. Musayembekezere kuti makoloni awale mobiriwira ayi. Mu pUC19 makina a m'selo owerenga jini amayambira mbali ya HindIII, pamene ife mutu wa EGFP tauika ku EcoRI, ndiye jiniyo yagona mopenyana nawo. Cholinga chathu pano ndi kuisunga ndi kuichulukitsa.

Tiyerekeze kuti patapita maola 16 mbale yoyamba yamera makoloni oyera 90 ndi abuluu 30. Yachiwiri, yopanda jini, yamera 28, pafupifupi onse abuluu. Yachitatu, yopanda ligezi, yamera abuluu asanu. Nkhani yake ikuwerengeka bwino. Asanu aja ndi pulasimidi yosadulidwa, chifukwa popanda ligezi chingwe choongoka sichibala makoloni kawirikawiri. Makumi awiri ndi mphambu owonjezera pa mbale yachiwiri ndi mapulasimidi odulidwa ndi enzaimu imodzi, amene ligezi yawatsekanso. Oyera 90 aja akupezeka pokhapokha pamene pali jini, choncho tili ndi chifukwa chowakhulupirira.

Zikakanika, mbale zomwezi zimaloza pamene pali vuto. Ngati yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu zadzaza mofanana ndi makoloni abuluu, pulasimidi yosadulidwa yadutsa, ndipo muyenera kudulanso ndi kuyendetsa jelo motalikirapo kuti mizere italikirane. Ngati yachitatu ilibe kanthu koma yachiwiri yadzaza ngati yoyamba, ligezi ili bwino ndipo enzaimu imodzi ndiyo yalephera. Ngati zitatu zonse zilibe kanthu koma mbale ya pUC19 yosadulidwa yamera, maselo alibe mlandu. Kayikirani ligezi, ATP, kuwala kwa UV, kapena nsonga za jini zimene sizinadulidwe. Ligezi mukhoza kuiyesa podula pUC19 ndi EcoRI yekha n'kuona ngati ingaitsekenso. Ngati nayo mbale ya pUC19 ilibe kanthu, maselo ndi akufa kapena sanakonzeke bwino. Ndipo ngati mbale yopanda DNA yamera, ampisilini wanu sakugwira ntchito. Nthawi zambiri zimatero chifukwa anathiridwa mu agala wotentha kwambiri, osadikira kuti azizire kufika madigiri 50 kapena 55, kapena mbalezo zakhalitsa.

Pali makoloni ena oyera amene anyenga anthu ambiri. Bakiteriya wokhala ndi pulasimidi amatulutsa enzaimu yoswa ampisilini, ndipo imafalikira m'chakudya chomuzungulira. Mbale ikakhala m'bokosi kupitirira maola 18, mankhwala amatha mozungulira koloni yaikulu, ndipo maselo opanda pulasimidi, amene anali asanafe, amayamba kumera. Amaoneka ngati timadontho tating'onoting'ono tozinga koloni yaikulu, ndipo ndi toyera popeza tilibe lacZ. Musatitole. Mukatiika mu msuzi wa ampisilini watsopano sitimera. Tulutsani mbale pa nthawi yake, ndipo ngati buluu sanaoneke bwino, iikeni mufiriji wamba maola angapo, mtundu udzakhwima popanda timadontho tija kuchuluka.

Kuyera si umboni

Koloni yoyera, yaikulu, yoima payokha, ndi yongoganiziridwa chabe. Chilichonse chosokoneza lacZ chimabweretsa kuyera, kaya ndi kachidutswa ka mapuraima, kaya ndi nsonga zimene zinadyeka zilembo zingapo n'kulumikizika molakwika. Kuti tione chimene chili m'kati, timachita PCR pa koloni yeniyeniyo.

Sankhani makoloni oyera asanu ndi atatu ndi imodzi yabuluu. Ndi kansonga koyera ka pipeti khudzani koloni pang'ono, mukhudzitse pa mbale yatsopano ya ampisilini imene mwailemba manambala kunsi kwake, kenako muviike kansongako m'kachubu ka PCR. Mbale ya manambalayo musaiiwale, chifukwa maselo a m'kachubu aphikidwa, ndipo mukapeza yankho labwino mudzafuna amoyo. Musakokolole koloni yonse. Maselo ochuluka amalepheretsa PCR, ndipo madzi akachita mbuu ndiye kuti mwachulutsa. Yambani ndi mphindi zisanu pa madigiri 95 kuti maselo aphulike.

Kusankha mapuraima n'kofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. N'zokopa kugwiritsanso ntchito mapuraima a EGFP omwe aja, popeza ali kale mufiriji. Koma kumbukirani kuti pa mbale tinawazapo zidutswa za jini zochuluka zimene sizinalowe mu pulasimidi iliyonse. Zidakali pamwamba pa agala, kansonga ka pipeti kamazitola, ndipo PCR imazikopera mosangalala. Makoloni onse amaonetsa mzere wa jini, ngakhale opanda kanthu. Gwiritsani mapuraima a M13, amene amagwira pa pulasimidi mbali zonse ziwiri za malo odulira. Ndi awiri odziwika kwambiri, pUC19 yopanda kanthu imapereka mzere wa zilembo pafupifupi 100, ndipo yonyamula jini yathu imapereka wa pafupifupi 780. Koloni yabuluu ija ikuonetsani pamene mzere wopanda kanthu umaima. Ubwino wina n'ngwakuti koloni iliyonse yokhala ndi pulasimidi imayenera kupereka mzere, waung'ono kapena waukulu, ndiye kanjira kopanda mzere kamatanthauza kuti PCR yakanika, osati kuti jini mulibe.

Tinene kuti mwa asanu ndi atatu aja, asanu ndi mmodzi aonetsa 780, imodzi yaonetsa mzere waung'ono pafupi ndi wa yabuluu, ndipo imodzi yaonetsa mizere yonse iwiri. Ya mzere waung'ono inameza kachidutswa kachabechabe. Ya mizere iwiri ikhoza kukhala makoloni awiri ogundana, ndipo palibe chifukwa cholimbana nayo pamene pali ena abwino. Tengani awiri kapena atatu mwa abwinowo kuchokera pa mbale ya manambala, muwamere usiku wonse mu mamililita 5 a msuzi wa LB wa ampisilini, ndipo m'mawa mutulutse pulasimidi. Iduleni ndi EcoRI ndi HindIII. Jelo ionetse mizere iwiri, 2,635 ndi pafupifupi 726. Wa jini udzakhala wofookerapo, ndipo zimenezo n'zoyenera, chifukwa chidutswa chachifupi chimagwira utoto wochepa. Mukadula ndi enzaimu imodzi, muone mzere umodzi pafupi ndi 3,360. Kudulikanso kwa malo awiriwa kukutsimikizira kuti nsonga zinalumikizika bwinobwino.

Masiku ano pali njira zina zolumikizira DNA, monga ya Gibson ya mu 2009, imene safunikira malo odulira, ndipo pa ntchito yophatikiza zidutswa zambiri ndi yabwino kwambiri. Komabe ndimakhulupirira kuti wophunzira ayambire pa maenzaimu odula. Ndi otsika mtengo, ndipo sitepe iliyonse ili ndi chinthu chimene ungachione ndi maso n'kuchifunsa. Nayenso amene walumikiza mwa njira ya Gibson amadzabwerera kwa EcoRI ndi jelo pofuna kuona chimene wapanga.

Chatsala ndi chimene jelo singanene. Mzere wa 726 umangotiuza kutalika, ndipo jini yolakwika chilembo chimodzi imaima pamalo omwewo. Enzaimu yokopera mu PCR imalakwitsa nthawi zina, makamaka Taq amene sabwerera kukakonza zimene walemba, ndipo mapuraima nawo amatha kubwera ndi chilembo chosowa. Popeza koloni imachokera ku pulasimidi imodzi, cholakwika chimene chinali m'chidutswa chimodzicho chimakhala m'makope onse. Chilembo chimodzi chikasowa pafupi ndi mutu wa jini, kawerengedwe ka zilembo zitatuzitatu kamasokonekera mpaka kumapeto, ndipo puloteni siipangika. N'chifukwa chake jini yolowetsa imakopedwa ndi enzaimu yodziwongolera, ndipo pulasimidi yomaliza imatumizidwa kukawerengedwa mwa njira ya Sanger, ndi mapuraima a M13 omwe aja. Kuwerenga kumodzi kumapereka zilembo zodalirika zokwana 700 kapena kupitirira pang'ono, koma makumi angapo oyambirira amakhala osamveka bwino, choncho jini ya 720 iwerengedwe kuchokera mbali zonse ziwiri. Yerekezani zotsatirazo ndi mndandanda umene munalemba pa kompyuta, chilembo ndi chilembo, kuphatikizapo malo awiri olumikizira. Tumizani makoloni awiri osiyana, kuti wina akapezeka ndi cholakwika musayambirenso kudikira. Amene wapezeka wolondola, sakanizani msuzi wake watsopano ndi gilisero, mulembe dzina la pulasimidi, nambala ya koloni ndi tsiku pa kachubu, n'kukasunga pa madigiri 80 pansi pa ziro.